Kudya Mbewu Poyesa Phindu

Mlimi wa chimanga chamakolo akakolola, asanaganize za nsima amayamba wasankha chimanga chonenepa bwino, n'kuchimangirira m'makoko mwake, n'kuchipachika kudenga la khitchini kumene utsi umafika. Chimenecho ndi mbewu, ndipo mwana sachikhudza ngakhale njala ilume bwanji mu Januwale. Mukamufunsa mlimiyo kuti wasunga mbewu yochuluka bwanji, sakuuzani kuti ya K20,000. Amati yokwana ekala imodzi, ndipo amadziwa kuti ekala imadya mbewu pafupifupi makilogalamu 10. Mtengo wa chimanga ukwere kapena utsike pamsika, funso lake ndi limodzi: kodi munda womwewo udzadzalidwa wonse?

Mpamba wa munthu wooda katundu kunja ndi mbewu yotero. Vuto ndi lakuti amalonda ambiri amauwerenga m'makwacha. Kwacha ikamagwa ndipo zinthu zikamakwera, nambala yolembedwa m'kabuku imakhala yomweyo, mwinanso kukulako, pamene katundu amene nambalayo ingagule akucheperachepera. Zili ngati mbewu yolowa anankafumbwe. Thumba likuoneka lodzaza, koma mukalowetsamo dzanja mukutulutsa ufa ndi njere zobooka.

Tiyerekeze mayi wina wa mu Lilongwe amene amakaoda zitenje ku Kariakoo, msika waukulu uja wa mu Dar es Salaam. Mitengo ya zitenje ndi ya ulendo imene ndiike apa ndi yongoyerekeza, ndaisankha kuti masamu asavute. Koma mtengo wa dola ndi weniweni. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, kukwera kwa 44 peresenti usiku umodzi.

Mayiyu anapita ku Dar mu Okutobala chaka chimenecho n'kuoda zitenje 200, chilichonse pamtengo wofanana ndi madola asanu. Madola 1,000 amenewo anamudyera K1,180,000. Basi, kogona, chakudya, onyamula katundu ndi msonkho wa pachipata cha Songwe zinatenga K420,000. Katundu yense pofika pa benchi anali atadya K1,600,000, kutanthauza K8,000 pa chitenje. Iye anaika mtengo wa K10,000, akuyembekeza kuti zikatha zonse adzakhala ndi K2,000,000, ndipo K400,000 idzakhala yake, ya fizi, lendi ndi ndiwo.

Kwacha itagwa, madola 1,000 omwewo anayamba kufuna K1,700,000. Wogulitsa wa ku Kariakoo sanakweze kanthu, chitenje chake chinali pamtengo wadzana. Zolipira zina nazo zinatsatira. Msonkho wa pachipata umawerengedwa pa mtengo wa katundu atausintha m'makwacha, ndiye dola ikakwera msonkho umakwera nayo, ngakhale boma lisanasinthe lamulo lililonse. Mafuta nawo anakwera sabata yomweyo, petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo eni mabasi sanachedwe kuuza okwera. Tinene kuti K420,000 ija inafika pa K600,000. Ulendo wa zitenje 200 tsopano ukufuna K2,300,000, ndiye kuti K11,500 pa chitenje.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chitenje chimene chili pa benchi chinagulidwa K8,000, koma chobwera kudzalowa m'malo mwake chidya K11,500. Mayiyu akachigulitsa K10,000, kabuku kamuuza kuti wapindula K2,000, pamene zoona zake n'zakuti wataya K1,500. Akagulitsa zonse 200 pamtengo umenewu, osadyapo ngakhale tambala, ndalama yake ibweretsa zitenje 173. Akachotsa K400,000 ija monga mwa nthawi zonse n'kupita ndi K1,600,000 yake ya "mpamba", abwera ndi zitenje 139. Zitenje 61 zasowa popanda wakuba, popanda moto. Anawo adya, fizi yalipidwa, ndipo palibe amene akudziwa kuti chimene chadyedwacho chinali mbewu. Zimenezi zikachitika maulendo atatu anayi, munthu amene ankabwera ndi zikwama zitatu amabwera ndi chimodzi, n'kuyamba kukayikira wantchito wake kapena mnzake woyandikana naye benchi kuti akumukawa ndi mankhwala.

Choncho nambala yoyenera kuyambira poika mtengo ndi ya ndalama imene mukalipire kuti katundu yemweyo abwererenso pa benchi. Imene munalipira kale ndi mbiri chabe.

Nambala imeneyi siipezeka m'nyuzi. Imapezeka pofunsa. Choyamba ndi mtengo wa lero wa wogulitsa wanu, ndipo masiku ano uthenga umodzi wa pafoni ukwanira. Kenako ndi mtengo wa ndalama imene mumalipirira. Wopita ku Dar kapena ku Kyela amalipira mashilingi, wa ku Joni amalipira marandi, wa ku Chipata ndi ku Lusaka amalipira kwacha ya Zambia. Ndalama zimenezi nazo zimayenda pazokha poyerekeza ndi dola, ndiye kungomva kuti dola ili pakuti sikokwanira. Funsani kuti shilingi kapena randi mukaipeza pa zingati. Pamenepa pali chinthu chimene aliyense wa pamsika akuchidziwa: zaka zimenezi ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo mtengo wolembedwa pakhoma la banki wakhala ukusiyana kwambiri ndi umene anthu amatchula kunja. Lamulo limafuna kuti ndalama zakunja zigulidwe kubanki kapena m'mabyulo ovomerezeka, ndipo wogula mumsewu amadziika pa ngozi yomangidwa, kulandidwa ndalama pachipata, kapena kupatsidwa zachinyengo. Koma ngakhale amene sagula mumsewu amakhudzidwa, chifukwa wapagolosale wamkulu amene amaodako, kapena mnzake amene amamutumira katundu, amaika mitengo motsatira mmene iyeyo anaipezera ndalamayo. Ndiye powerengera, ikani mtengo umene mudzalipiredi, osati umene mukanakonda kulipira.

Kusiyana kwa mitengo iwiriyi kuli ndi msampha wina. Munthu angaganize kuti popeza katundu wake anakwera kale motsatira mtengo wa kunja kwa banki, kugwa kwa kwacha kolengezedwa ndi Banki Yaikulu sikumukhudza. Kumamukhudza pachipata. Bungwe lotolera msonkho la MRA limasintha mtengo wa katundu m'makwacha potsata mtengo wovomerezeka, choncho tsiku limene mtengo umenewo wasuntha, msonkho wa katundu yemweyo umasuntha nawo.

Tibwerere kwa mayi uja, ndipo tiike nkhaniyi mmene imachitikira nthawi zambiri. Kwacha siidikira kuti katundu athe. Tinene kuti inagwa atagulitsa zitenje 120, ndipo pa benchi patatsala 80. M'chikwama muli K1,200,000. Kuti adzabwerenso ndi zitenje 200 akufunika K2,300,000, ndiye zitenje 80 zotsalazo ziyenera kubweretsa K1,100,000, kutanthauza K13,750 chilichonse. Pamenepo n'kuti wangobweza mbewu, kunyumba sikunapite kanthu. Mtengo umenewo pamsika sungayende tsiku loyamba, chifukwa malipiro a aphunzitsi ndi anamwino amene amagula zitenjezo sanakwere usiku umenewo. Tinene kuti msika walola K13,000. Zitenje 80 zibweretsa K1,040,000, zonse pamodzi K2,240,000, ndipo ulendo wotsatira abwera ndi zitenje 194. Wataya zisanu ndi chimodzi. Akanakakamira pa K10,000 pofuna kusunga nkhope, akanataya 27.

Tayang'anitsitsani pamene panabookera. Zitenje 80 zimene zinali pa benchi sizinataye kanthu, mtengo wake unakwera pamodzi ndi dola. Zimene zinavulala ndi 120 zija, chifukwa zinali zitasanduka kale makwacha. Mpamba wake, K960,000, ukanagula zitenje 120 sabata yapitayo, koma tsopano ukugula 83. Anankafumbwe amenewa sadya katundu. Amadya makwacha ongokhala, kaya ali m'chikwama, pafoni, kubanki, kapena m'matumba a anthu amene anatenga katundu pangongole. Ndiye nthawi yoopsa kwa wooda kunja ndi ya pakati pa tsiku limene chitenje chagulitsidwa ndi tsiku limene ndalama yake yagulanso chitenje china. Masiku amenewo akachuluka, chiopsezo chimakula.

Kasitomala wochenjera adzafunsa, ndipo ali ndi mfundo: "Amayi, zitenje izi ndi zomwe zija munabwera nazo mwezi watha. Mwakwezeranji ngati mwapitanso ku Dar?" Yankho loona ndi lalifupi: "Ndikakugulitsani pamtengo wakale, asisi, mwezi wamawa mudzapeza benchi ili mbee." Ambiri amamva, chifukwa sopo ndi shuga zawakwerera kale sabata yomweyo. Ineyo sindiona chinyengo pamenepa, malinga ngati kukwezako kukutsata ndalama imene katundu akufunadi kuti abwerere. Chinyengo chimayamba pamene munthu wabisa katundu kuseri kuti asowe, kapena wakweza kawiri chinthu chimene sichinakwere n'komwe, n'kumanamizira dola. Zoterezi zili ndi bungwe lake loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, ndipo limalanga. Wogulitsa tomato wa ku Ntcheu sangakweze ndi 44 peresenti tsiku lomwelo ngati wooda zitenje, ngakhale naye feteleza ndi thiransipoti zidzamupeza m'tsogolo.

Kugwa kwa usiku umodzi kumeneku kwachitikapo kangapo, mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, ndipo kumamveka chifukwa wailesi zonse zimalengeza. Kumene kumapha mwakachetechete ndi kukwera kwa pang'onopang'ono. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Pamwezi n'kupitirira pang'ono 2 peresenti, nambala yaing'ono yoti munthu saiona. Koma ngati katundu wanu amatenga miyezi iwiri kuti athe, pamene mudzabwerere kokaoda mudzapeza zinthu zakwera ndi pafupifupi 5 peresenti. Ndiye ngakhale mtengo wa lero wokaodera sukwanira. Pakufunika kuikapo kenakake ka masiku amene katunduyo adzakhale asanathe.

Kwa mayi wathu masamu ake ndi otere. Chitenje chifika pa benchi ndi K11,500. Katundu amatha m'miyezi iwiri, choncho aonjezerapo 5 peresenti, yomwe ndi K575, n'kupeza pafupifupi K12,100. Pamenepo ndi pansi penipeni, mtengo umene sayenera kutsika kupitirira ngakhale kasitomala anenerere bwanji. Phindu likuyambira pamwamba pake. Akagulitsa K14,000, yake ndi K1,900. Peresenti yoonjezerayo musaibwereke kwa ine kapena kwa a nyuzi. Itengeni m'kabuku kanu. Onani kuti chitenje chimodzi chinafika ndi zingati pa maulendo atatu apitawo, ndipo muona nokha kuti chikukwera motani pakati pa ulendo ndi ulendo. Katundu wakunja nthawi zina amakwera msanga kuposa nambala ya dziko lonse, chifukwa nambala ija imakokedwa kwambiri ndi chimanga.

Kukweza pang'ono kawirikawiri kumayenda bwino kuposa kudikira n'kudzalumpha kamodzi. K500 yoonjezera makasitomala amadandaula n'kugula. K3,000 yobwera tsiku limodzi imawatumiza kwa mnzanu, ngakhale nayenso akweza mawa.

Kabuku nako kakufunika kusintha kalembedwe. Ambiri amalemba zimene alowetsa ndi zimene agulitsa, zonse m'makwacha. Onjezani mzere wa chiwerengero cha katundu: ulendo uno zitenje zingati, ulendo watha zingati. Ndipo madzulo alionse, pogawa ndalama za tsikulo, chotsani mpamba pamtengo watsopano. Mayi wathu akagulitsa zitenje zinayi pa K13,000, m'manja muli K52,000. Powerengera mwakale, mpamba ndi K32,000 ndipo K20,000 ndi yogulira nyama ndi mayunitsi a magetsi. Powerengera moona, K46,000 ndi ya zitenje zinayi zolowa m'malo, ndipo yakunyumba ndi K6,000. Kusiyana kwa K14,000 kumeneku ndi kumene kumadyedwa tsiku ndi tsiku ndi mtima woyera. Kunena zoona, mwezi umenewo pakhomo pamavuta, ndipo bambo kapena ana amene akuona ndalama zambiri zikulowa kuposa kale samvetsa chifukwa chake ndiwo zachepa. Kuwaonetsa mzere wa zitenje uja kumathandiza kuposa kukangana.

Popeza chovulala ndi ndalama yongokhala, nzeru yachibadwa ndi yoti ikaoderedwe msanga. Koma apa pafunika kuwerengera, chifukwa ulendo uli ndi zolipira zimene sizichepa katundu akachepa. Tinene kuti mwa K600,000 ija, K200,000 ndi ya basi, kogona ndi chakudya. Pa zitenje 200, chilichonse chasenza K1,000. Mayiyu akaganiza zomapita mwezi uliwonse ndi theka la ndalama, zitenje 100 zokha, chilichonse chisenza K2,000. K1,000 yoonjezerayo ndi pafupifupi 9 peresenti ya mtengo wa chitenje, pamene kudikira mwezi umodzi kukanamudyera 2 kapena 3 peresenti. Wathawa kutaya pang'ono n'kutaya zambiri. Njira imene imalipira ndi yoti ndalama ipite koma mwiniwake atsale. Amalonda anayi asanu amagwirizana kuti azipita mosinthana, wopitayo n'kuodera onse, ndipo ndalama ya basi imagawidwa. Ena amene anazolowerana ndi wogulitsa amasankha katundu pa zithunzi za pafoni, n'kulipira, katunduyo n'kukwezedwa basi kapena lole. Njira zimenezi zili ndi minga yake. Mnzanu angakusankhireni maluwa amene makasitomala anu sakonda, chithunzi sichionetsa kupyapyala kwa nsalu, ndipo ndalama yotumizidwa kwa munthu amene mwakumana naye kamodzi ikhoza kupita osabwerera. Yambani ndi yochepa, ndipo lisiti la wogulitsa libwere ndi katundu, chifukwa pachipata amalifuna.

Pali ena amene amati ndi bwino kungogula madola n'kusunga pansi pa matiresi. Kupatula nkhani ya lamulo ndi ya akuba, dola yogona siibala. Chitenje chimateteza mpamba mofanana, chifukwa mtengo wake umatsata dola, ndipo pamwamba pake chimabweretsa phindu. Kwa wamalonda wamng'ono, katundu woyenda msanga ndiye malo abwino osungira mpamba.

Ndanena kuti woyenda msanga, ndipo apa ambiri amapunthwa. Akamva mphekesera zoti kwacha igwa, amathira ndalama zonse mu katundu, ngakhale amene amatha miyezi isanu ali pa benchi. Chitenje chili ndi nyengo. Maluwa amene akuyenda pa zinkhoswe za chaka chino, chaka chamawa amatchedwa akale, ndipo chokhalitsa padzuwa chimasuluka m'mapindo. Katundu wotero angakwere mtengo m'kabuku koma palibe womugula. Choipitsitsa ndi kukongola ndalama kuti muunjike katundu. Ngongole ya katapila, kapena ya magulu ena a banki mkhonde, imafuna chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi kapena kuposa. Mukatenga K500,000, mwezi uliwonse mukulipira K100,000. Pakutha miyezi itatu mwalipira 60 peresenti, kuposa 44 peresenti imene munkathawa, ndipo n'kutheka kuti kwachayo sinagwe n'komwe miyezi imeneyo. Ngongole yoodera katundu imamveka pokhapokha katunduyo akutha ndi kubweza ndalama chiwongoladzanja chisanadye phindu lake.

Kwa katundu wogona amene muli naye kale, lamulo lija la mtengo wapansi limafewa. Ngati mtundu wina wa zitenje simudzauodanso, mtengo wokaodera ulibe ntchito pa izo. Zitenje 20 zimene zakhala miyezi inayi zikhoza kupita pa K10,000, ndipo K200,000 imeneyo ikagule 17 za mtundu woyenda, zimene zidzatha ndi kubwereza kangapo pamene zakalezo zikanakhala zikusulukabe.

Ngongole zili ndi mbali ziwiri, ndipo kwacha ikagwa mbali zonse zimatembenukira wamalonda wosachenjera. Ogulitsa zitenje ambiri amadalira makasitomala a m'maofesi ndi m'masukulu, otenga lero n'kudzalipira pakutha pa mwezi. Mwezi umodzi umasanduka itatu. Chitenje chotengedwa mu Okutobala pa K10,000 n'kulipidwa mu Januwale chimabweza ndalama yosakwana kugula chinzake. Wokongolayo wapindula, mwini katundu wataya, ndipo palibe amene waba. Kukana ngongole kotheratu n'kutaya makasitomala, koma mtengo wa ngongole uzisiyana ndi wa kashi, ndipo tsiku lolipira lizinenedwa poyera potenga katunduyo. Pa maoda aakulu, monga chitenje chofanana cha ukwati kapena cha bungwe la amayi a kutchalitchi, musatchule mtengo wa katundu wodzabwera mwezi wamawa popanda chikole chokwanira kukaodera. Nenani kuti mtengowu ugwira ntchito sabata imodzi, ndipo ndalama ya chikole ikangolowa, ipite kokaoda tsiku lomwelo. Amene analandira oda ya zitenje 50 pa K10,000 kumayambiriro kwa Novembala 2023, n'kugwira chikole chochepa kuti adzakaode kumapeto kwa mwezi, anakwaniritsa lonjezo lake potulutsa K75,000 m'thumba mwake.

Mbali inayo ndi ngongole imene inuyo muli nayo kwa wogulitsa wa kunja. Wogulitsa akakukhulupirirani n'kukupatsani katundu woti mudzalipire ulendo wotsatira, zimaoneka ngati mwayi, ndipo nthawi ya bata ndi mwayidi. Koma ngongoleyo ili mu ndalama yake. Madola 300 amene anali K354,000 anadzuka ali K510,000, ndipo katundu wake anali atagulitsidwa kale pamtengo wakale. Ngati muli ndi ngongole ziwiri, ya makwacha yopanda chiwongoladzanja chachikulu ndi ya mashilingi kapena marandi, ndalama yoyamba kulowa ipite ku yakunjayo.

Pali malire amene masamu onsewa sangadutse. Zinthu zikakwera, anthu amayamba ndi ufa, sopo ndi lendi, ndipo chitenje chimadikira. Mayi wathu angaike mtengo wolondola n'kupeza kuti zitenje zimene zinkatha m'miyezi iwiri zikutha mu itatu. Pamenepo 5 peresenti ija sikwaniranso, ndipo lendi ya benchi ikugawidwa pa katundu wochepa. Nthawi zotere ndi bwino kuvomera phindu lochepa pa chitenje chilichonse, bola likhale pamwamba pa mtengo wapansi uja, kapena kusintha zimene mukuoda: kuchepetsa zodula, kuchulukitsa zapakatikati zimene anthu akukwanitsa. Mukawerengera n'kupeza kuti msika sukulola ngakhale mtengo wapansiwo kwa maulendo awiri otsatizana, katundu ameneyo wasiya kukudyetsani, ndipo ulendo uliwonse woonjezera ukuchotsa pa mpamba. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti pali wina wamkulu amene akupeza ndalama zakunja motsika kapena akubweretsa makontena, ndipo mwina kuoda kwa iyeyo m'tauni momwemo kukutsikirani mtengo kuposa kukwera basi ya ku Dar.

Kuwerengera ndi mtengo wokaodera kumaluma mbali zonse. Nthawi zina ndalama ya kumene mumaoda imafooka, kapena wogulitsa amatsitsa, ndipo chitenje chimene chinafika ndi K11,500 chimayamba kufika ndi K10,500. Anzanu amene angobwera kumene agulitsa K12,000 ndipo apindula, pamene inu mukukakamira K14,000 chifukwa choti munalipira zambiri. Tsitsani nawo. Pa K12,000 kabuku kakale kakuti mwapeza K500 yokha, koma chitenje cholowa m'malo chikufuna K10,500, ndiye K1,500 ndi yanu, ndipo zitenje 200 zibweranso zonse.